Kachipangizo kanga koyezera phokoso kakungowerenga cha pa 70 m'mawa ndi masana omwe

Nyalitsa: Abale, ndithandizeni. Ndalumikiza Arduino Nano ndi maikolofoni ya MAX9814 kuti ndiyeze phokoso pamsika, cholinga ndijambule mapu osonyeza malo aphokoso pa 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 5 koloko madzulo. Ndimawerenga A0 kwa mamilisekondi 50, ndimatenga nambala yaikulu n'kuchotsapo yaing'ono, kenako ndimagwiritsa map() kuti zotsatira zikhale pakati pa 30 ndi 100. Vuto ndi lakuti m'mawa anthu asanachuluke kakuonetsa 70, masana msika utadzaza kakuonetsa 72 kapena 73. Khutu likundiuza kuti kusiyana kwake ndi kwakukulu. Chalakwika ndi chiyani?

Gogoda_88: Pini ya GAIN mwailumikiza kuti? Mukaisiya osailumikiza, kukweza kumakhala pa 60 dB, ndiye chilichonse chimadzaza. Ilumikizeni ku VDD itsike pa 40. Basi vuto latha.

Nyalitsa: Ndinaisiyadi osalumikiza. Ndiyesa.

WayaWofiira: A Gogoda_88 akunena zoona pa piniyo, koma vuto silithera pamenepo. MAX9814 ili ndi AGC, ndiye kuti imadzichepetsera yokha kukweza phokoso likakula, n'kubwezeretsa likachepa. Inapangidwa kuti mawu a munthu azimveka mofanana kaya wayandikira kaya watalikira. Pojambula mawu zimenezi n'zabwino, koma inu mukufuna kuyeza kusiyana komwe iyoyo ikufafaniza. Imatha kutsitsa mpaka 20 dB, ndipo 20 dB ikhoza kukhala kusiyana konse kwa msika wa m'mawa ndi wa masana. Mukaika pa 40 dB, AGC ingochedwa kuyamba. Mukafika pafupi ndi sipika iyambanso, ndipo simudziwa kuti yayamba liti.

Pa chipi penipeni AGC imazimitsidwa polumikiza pini ya TH ku MICBIAS, koma pa timabodi togula kale mapini amenewo nthawi zambiri satulutsidwa kunja, muyenera kuwotcherera pa tizigawo tating'ono kwambiri. Chapafupi ndi kusintha n'kuika MAX4466. Imeneyo ili ndi kasikuluwu kumbuyo kosinthira kukweza, kuyambira ka 25 mpaka ka 125, ndipo mukakasiya pamalo amodzi sikasintha kokha.

Vuto lachiwiri ndi map(). Imajambula mzere wowongoka, pamene desibeli siyenda mowongoka. Siginolo ikawirikiza kawiri, ndi 6 dB yokha yomwe yawonjezeka. Ikawirikiza ka 10, ndi 20 dB. Nambala zanu za 70 ndi 72 si madesibeli ayi, ndi nambala chabe zomwe mwazipatsa dzina.

Chimtali: Bwanji osangogula ka KY-038? Kamapezeka paliponse ndipo kamalembedwa kuti ndi kozindikira mawu.

WayaWofiira: Kameneko n'koyatsira nyale powomba m'manja. Chipi yake ya LM393 imangonena kuti phokoso ladutsa mlingo kapena ayi, ndipo pini yake ya AO imatulutsa siginolo yosakwezedwa bwino, moti mumaona nambala zikusuntha pang'ono ngakhale mukuwire pafupi.

Nyalitsa: Chabwino, MAX4466 ndili nayo. Nanga m'malo mwa map() ndilembe chiyani?

WayaWofiira: Choyamba mawaya. Ipatseni magetsi kuchokera pa 3V3 osati 5V, chifukwa mzere wa 5V umabwera ndi zinyalala za ku USB. Lumikizaninso 3V3 ku pini ya AREF, n'kulemba analogReference(EXTERNAL) mu setup() musanawerenge kalikonse. Mukayamba kuwerenga musanalembe mzere umenewu mukhoza kuwononga chipi. Mukatero, pakakhala bata siginolo imakhala pakati, cha pa 512.

Kenako siyani kutenga yaikulu kuchotsa yaing'ono. Njira imeneyo imaona nsonga imodzi yokha: wina akagwetsa chitsulo kamodzi, muyeso wonse wapita. Werengerani RMS, yomwe imatengera nambala zonse:

```
long s = 0, s2 = 0;
for (int i = 0; i < 1000; i++) {
  long x = analogRead(A0) - 512;
  s += x;  s2 += x * x;
}
float m = s / 1000.0;
float rms = sqrt(s2 / 1000.0 - m * m);
float L = 20 * log10(rms) + K;
```

Kuchotsa m kukuthandiza chifukwa pakati sipakhala 512 ndendende. Kuwerenga kamodzi pa Nano kumatenga pafupifupi mamaikolosekondi 100 ndi pang'ono, ndiye maulendo 1000 akutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a sekondi. Zimenezi zikuyandikira mamilisekondi 125 a muyeso wolembedwa kuti Fast pa zoyezera zogula. K ndi nambala yomwe mupeze poyerekeza ndi choyezera china.

Gogoda_88: Nano ndi yochedwa pa ntchito imeneyi. Ikuwerenga mosapitirira ka 10,000 pa sekondi, ndiye mawu opitirira 5 kHz siwaona. Khutu limamva mpaka 20 kHz. Mukutaya theka la phokoso.

Mlozo: Sakutaya ayi. Mawu apamwambawo sasowa, amangooneka ngati apansi, ndipo mphamvu yake imalowabe mu RMS. Kuchedwako kumapweteka mukafuna kusefa, chifukwa sefa sangasiyanitse mawu enieni a 2 kHz ndi a 7 kHz omwe adzibisa ngati a 2 kHz. Komanso pamsika mphamvu yambiri ili pansi pa 4 kHz: mawu a anthu, mainjini, nyimbo.

Gogoda_88: Ndiye kuti sefa ya A sangaiike. Popanda imeneyo asamalembe dBA.

Mlozo: Pamenepo tagwirizana. Alembe dB basi, ndipo anene pamapupo kuti sanasefe. Kusiyana kwake si kwamasewera. Sefa ya A imatsanzira khutu pa kusamva bwino mawu apansi: pa 1 kHz siichotsa kanthu, pa 125 Hz imachotsa pafupifupi 16 dB, pa 63 Hz pafupifupi 26 dB. Ndiye pafupi ndi jenereta kapena lole yoima injini ikulira, kachipangizo kosasefa kaonetsa nambala yokwera kuposa ya choyezera cha dBA, pamene pakati pa anthu otsatsa malonda ziwirizo ziyandikana. Mapu osasefa amapangitsa mbali ya msewu ndi ya majenereta kuoneka yoipa kuposa mmene khutu likumvera.

Nyalitsa: Nanga K ndimupeza bwanji? Choyezera chogula ndilibe.

WayaWofiira: Njira yeniyeni ndi kachipangizo kotulutsa 94 dB pa 1 kHz, komwe mumalowetsamo maikolofoni. Ngati mulibe, bwerekani choyezera cha kalasi 2 kwa ola limodzi. Chitani izi m'chipinda chabata. Ikani sipika pa mtunda wa mita imodzi, maikolofoni ziwiri zigundane mbali ndi mbali zitayang'ana sipikayo. Lizani phokoso losasintha, lomveka ngati mvula, osati nyimbo. Musalize kamvekedwe kamodzi ka 1 kHz m'chipinda, chifukwa kamabwerera m'makoma n'kupanga malo okwera ndi otsika, moti kusuntha masentimita 10 kumasintha muyeso ndi madesibeli angapo.

Tinene kuti chobwerekacho chaonetsa 74.0 ndipo rms yanu ndi 38. Ndiye 20 × log10(38) ndi 31.6, ndipo K ndi 74.0 kuchotsa 31.6, kutsala 42.4. Musasiyire pomwepo. Tsitsani sipika mpaka chobwereka chionetse 60, kenako kwezani mpaka 80, muone ngati chanu chikutsatira ndi K yemweyo. Chikasiyana ndi 1 kapena 2 dB, zili bwino. Chikatsalira kumtunda, siginolo yayamba kudulidwa. Chikakana kutsika kumunsi, mwafika pa phokoso la chipangizo chenicheni.

Mukamaliza, dontheza guluu kapena penti ya zikhadabo pa kasikuluwu kaja. Kakasuntha pang'ono, K wanu watha ntchito, ndipo miyeso ya dzulo ndi ya lero sizingayerekezedwe.

Mlozo: Ndionjezere pa K wa 42.4 ameneyo, chifukwa akukuuzaniso malire a chipangizo chanu. Kumunsi, rms ikafika pa 2 ndiye kuti mukuwerenga kunjenjemera kwa ADC, gawo la Nano losandutsa siginolo kukhala manambala, ndipo 2 akupereka 6 kuphatikiza 42.4, cha pa 48 dB. Kumtunda, nsonga za phokoso wamba zimatalika katatu kapena kanayi kuposa rms, ndiye zimayamba kugunda 0 ndi 1023 rms ikafika cha pa 128, komwe ndi 42.1 kuphatikiza 42.4, cha pa 84 dB. Muli ndi zenera la pakati pa 50 ndi 84. Pamsika wa masana pafupi ndi sipika mudutsa 84, ndiye tsitsani kukweza zenera likwere, mwina 58 mpaka 92. Pasukulu ya ukachenjede m'mawa kapena pafupi ndi laibulale mufuna zenera lotsika. Zonse ziwiri nthawi imodzi sizitheka ndi ADC ya mabiti 10. Onjezerani mu khodi kowerengera kuti ndi kangati x wapitirira 500 kapena watsika kupitirira -500, n'kusunga nambalayo pambali pa muyeso uliwonse. Ikakhala yoposa 0, muyesowo ndi wochepera kuposa zenizeni.

Chimtali: Koma foni ili kale ndi maikolofoni. Apu yoyezera phokoso ndi yaulere. Mavuto onsewa n'ngachiyani?

Mlozo: Mafoni ambiri nawonso amadzisinthira kukweza ndi kuchotsa phokoso la kumbuyo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi maikolofoni yake. Apu ya NIOSH, bungwe la ku America loona za chitetezo pantchito, ili pa iPhone pokha, chifukwa mitundu yake ndi yochepa ndipo imatheka kuyesedwa. Foni ikhoza kukupatsani K wongoyerekeza, koma mukatero nambala zanu ziwerengedwe ngati zoyerekeza malo ndi malo, osati zonena kuti apa padutsa mlingo wa lamulo.

Kalulu_Bii: Ngati phokoso likukusowetsani mtendere, ikani makatani okhuthala ndi kumata siponji m'mawindo. Kwathu zinathandiza kwambiri.

Nyalitsa: Zikomo achimwene, koma sindikufuna kulichepetsa, ndikufuna kuliyeza.

Gogoda_88: Siponjiyo komabe asunge, aifuna pa maikolofoni.

WayaWofiira: Eya, ndipo si nthabwala. Mphepo ikawomba pa kabowo ka maikolofoni imapanga mawu apansi amphamvu, ndipo popeza inu mulibe sefa ya A, onse alowa mu muyeso. Chizindikiro chake ndi nambala zodumpha ndi 10 dB kapena kuposa pamene khutu silikumva kusintha kulikonse. Vekani kampira ka siponji yopita mphepo, ija mukhoza kupuziramo mpweya n'kutulukira mbali ina. Siponji yotseka imaphimba mawu apamwamba. Pezani K siponjiyo itavalidwa kale. Mphepo ikapitirira mamita 5 pa sekondi, kapena kukagwa mvula, tsiku limenelo musayeze. Maikolofoni itulukire kunja kwa bokosi pa kandodo, isakhale m'kati kuseri kwa bowo, chifukwa bokosi limalira lokha ngati ng'oma.

Thabwa: Funso la pambali. Ine kanga kamazima kokha pakatha kanthawi ndikakalumikiza ku batire yotchajira foni. Khodi ndiyomweyo yomwe imayenda bwino pa kompyuta.

Gogoda_88: Si khodi. Mabatire amenewo amazima akaona kuti chomwe chalumikizidwa chikukoka magetsi ochepa, amaganiza kuti foni yadzaza. Nano imakoka pang'ono kwambiri. Ena ali ndi batani lowauza kuti asazime. Apo ayi gwiritsani mabatire a AA.

Thabwa: Nanga nambala zodumpha nthawi iliyonse ikamalemba pa khadi ya SD?

WayaWofiira: Khadi imakoka magetsi modzidzimutsa ikamalemba, voteji imagwedezeka, maikolofoni n'kumva ngati phokoso. Ikani kapasita ya 100 µF ndi ina ya 100 nF pafupi ndi pini ya magetsi ya maikolofoni, mawaya ake afupike, ndipo lembani kamodzi pa sekondi mutamaliza kuwerenga, n'kutaya muyeso woyamba wotsatira. Kuti mutsimikize kuti vuto ndi limeneli, phimbani maikolofoni ndi pilo muone ngati kudumphako kukugwirizana ndi nthawi yolemba.

Nyalitsa: Ndasintha. Panja, foni ikulira pa mita imodzi kenako pa mamita awiri, muyeso watsika ndi 5.4. Kale sunkasuntha n'komwe. Tsopano za mapu. Ndasankha malo 12, ndikufuna kuima mphindi 5 pamalo alionse, kenako nditenge avareji.

Mlozo: 5.4 ili bwino, kuyembekezera 6 ndendende, yomwe imatsika mtunda ukawirikiza kawiri, n'kovuta chifukwa nthaka imabweza mawu. Koma avareji imeneyo mwati muitenga bwanji? Madesibeli sawaphatikiza n'kugawa. Tinene kuti mphindi zanu zisanu zapereka 62, 63, 61, 79, 62, ndipo 79 ndi mphindi yomwe galimoto yolengeza inadutsa. Kuphatikiza n'kugawa ndi 5 kukupatsani 65.4. Koma mukasandutsa nambala iliyonse kukhala mphamvu, zinayi zazing'onozo pamodzi ndi pafupifupi mamiliyoni 6.4, pamene 79 yokha ndi mamiliyoni 79.4. Kuphatikiza, kugawa ndi 5, n'kubwezera ku desibeli, mukupeza 72.3. Kusiyana kwa pafupifupi 7 dB, ndipo yolondola pa mphamvu ya phokoso ndi 72.3. Imeneyi ndiyo amaitcha Leq. Mu Excel lembani chonchi:

```
=10*LOG10(SUMPRODUCT(10^(B2:B6/10))/COUNT(B2:B6))
```

Chimodzimodzi m'kati mwa sekondi: phatikizani rms × rms wa magawo onse, gawani ndi chiwerengero cha magawowo, kenako 10 × log10 kumapeto n'kuonjezera K.

Chimtali: Ndiye kuti galimoto imodzi yodutsa yaipitsa malo onse pamapu? Munthu wogulitsa pamenepo akumva 62 tsiku lonse, inu mukulemba 72. Ine sindikuona chilungamo.

Mlozo: Mfundo yanu ndi yabwino, ndipo n'chifukwa chake nambala imodzi siikwana. Sungani muyeso wa sekondi iliyonse, mphindi 5 zikupatsani nambala 300. Zisanjeni kuyambira yaikulu. Ya nambala 30 ndi L10, yosonyeza phokoso la apo ndi apo. Ya nambala 270 ndi L90, phokoso lomwe silichoka. Malo a pafupi ndi jenereta amakhala ndi L10 ndi L90 zoyandikana, malo a pamsewu zimatalikirana. Awiriwa akhoza kukhala ndi Leq yofanana koma kukhalapo n'kosiyana. Ine ndingajambule mapu awiri, a Leq ndi a L90.

Chimtali: Ine ndingatenge L90 yokha. Leq ya mphindi 5 ikudalira mwayi.

Gogoda_88: Ikudalira mwayi chifukwa mphindi 5 n'zochepa. Aime mphindi 15.

WayaWofiira: Werengerani kaye. Malo 12, mphindi 5 kuima ndi mphindi 2 kuyenda, ndi mphindi 84. Mapu omwe akuwatcha a 6 koloko akuthera 7:24, msika utasintha kale, ndiye malo omalizira aoneka aphokoso chifukwa cha nthawi, osati chifukwa cha malowo. Ndi mphindi 15 ulendo umodzi upitirira maola atatu. Kuli bwino mphindi 5 koma masiku angapo, n'kumasintha njira: lero kuyambira malo 1 mpaka 12, mawa 12 mpaka 1, mkuja kuyambira pakati. Chabwino koposa ndi kupanga kachipangizo kachiwiri, kukamangirira pamalo amodzi kazilemba tsiku lonse. Kameneko kakuuzani kuti msika wonse unakwera ndi zingati pakati pa 6:00 ndi 7:24, ndipo mukhoza kuona ngati kusiyana kwa malo 1 ndi 12 n'kwa malo kapena kwa nthawi. Tonse tiwiri tikhale ndi wotchi ya DS3231, ndipo muziyerekeza pamodzi musananyamuke ndi pobwera. Masiku a msika waukulu musawasakanize ndi masiku wamba. 

Nyalitsa: Malowo ndimati ndizingowapeza ndi GPS ya foni.

WayaWofiira: GPS ya foni imaphonya ndi mamita 5 kapena kuposa, makamaka pansi pa malata. Sipika ikakhala pa mamita awiri lero, mawa n'kukhala pa mamita atatu, muyeso watsika ndi 3.5 dB popanda chilichonse kusintha pamsikapo. GPS muigwiritse poika kadontho pamapu, koma malo oima muwazindikire ndi chinthu chosasuntha: mzati, ngodya ya shedi, chivundikiro cha ngalande. Maikolofoni ikhale pa ndodo, mamita 1.2 mpaka 1.5 kuchokera pansi, kutali ndi thupi lanu, iyang'ane mbali yomweyo tsiku lililonse. Mutalikirane ndi khoma mamita 3.5 ngati malo alola. Pamsika nthawi zambiri salola, ndiye lembani kuti malo awa ali pafupi ndi khoma, chifukwa khoma limawonjezera pafupifupi 3 dB.

Palinso vuto la anthu. Akaona ndodo ndi siponji amabwera kudzafunsa, ena amakuwira mu maikolofoni. Munthu wolankhula pa theka la mita akhoza kuposa phokoso lonse la msika. Ikani batani loti mukadina, masekondi amenewo alembedwe chizindikiro, mudzawachotse. Mukhale ndi kope lolembamo zomwe zikumveka. Ndipo uzani oyang'anira msika musanayambe, muwaonetse kuti khadiyo ikusunga nambala zokha, osati mawu a anthu.

Thabwa: Mu QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, muli IDW, imadzaza mitundu pakati pa madontho. Mapu amakongola kwabasi.

Mlozo: Amakongola, koma IDW siidziwa kuti pakati pa malo 4 ndi 5 pali nyumba. Itenga 80 wa kutsogolo ndi 60 wa kuseri n'kujambula 70 pakati, pamene zenizeni ndi kugwa kwadzidzidzi pa ngodya. Ndi malo 12 okha ine ndingasiye madontho, kuwapaka mitundu m'magulu a 5 dB, mitundu yomweyo pa mapu onse atatu. Magulu ochepera 5 dB akulonjeza zomwe chipangizo chosiyana ndi 2 dB sichingakwaniritse.

Thabwa: Pabwalo lopanda nyumba IDW ilibe vuto.

Mlozo: Ngakhale pamenepo imaika nsonga pa dontho lomwe munayeza, osati pa sipika. Koma pabwalo ndikhoza kulolera ngati madontho ali pafupipafupi.

Gogoda_88: Zonsezi zikanaphweka ndi bodi ya ESP32 ndi maikolofoni ya INMP441. Mabiti 24, palibe kasikuluwu, sefa ya A imakwana, ndipo K safunika chifukwa pepala lake la kufakitale likunena kale kuti 94 dB ikupereka -26 dBFS, ndiye kuti 26 dB pansi pa nambala yaikulu yomwe maikolofoniyo ingatulutse.

WayaWofiira: Zenera lake ndi lalikuludi, kuyambira cha pa 33 dBA mpaka 120. Koma -26 ndi nambala ya pakati, maikolofoni iliyonse imasiyanako, ndiye kuyerekeza kukufunikabe. Palinso msampha wa 3 dB: pepalalo limayeza potengera nsonga ya siginolo, ndiye mukagawa rms ndi 2^23 n'kutenga 20 × log10 muyenera kuonjezera 123, osati 120. Ambiri amaiwalanso kusuntha nambala ndi mabiti 8, popeza 24 aja amabwera m'kati mwa 32.

Nyalitsa: Ndiyamba ndi Nano popeza ili kale m'manja, zenera la 58 mpaka 92. Koma m'mawa malo ena atsika kupitirira 58. Ndizisintha kasikuluwu m'mawa ndi masana?

WayaWofiira: Ayi, musakakhudze. Ikani MAX4466 yachiwiri pa A1 yokwezedwa kwambiri, ikhale ndi K wakewake. Khodi iziwerenga zonse ziwiri mosinthana, itenge ya A1 pokhapokha ngati sinadulidwe, apo ayi itenge ya A0. Pakati pa 60 ndi 80 zonse ziwiri zimagwira, ndiye zikayamba kusiyana kupitirira 2 dB pamenepo mudziwa kuti imodzi yasuntha.

Nyalitsa: Ndikudziwa bwanji kuti yasuntha ndi iti?

Mlozo: Ndi ziwiri zokha simungadziwe. Mubwerekenso choyezera chija.